Mwala wa Januwale

Kabokosiko kanakhala m'dirowa ya Uchizi masiku atatu, ndipo masiku atatu onsewo kankamuyabwa. Lachisanu masana analephera kupirira. Anthu atabalalika kukadya, anaitana Mwaiwathu, mnzake wogwira ntchito yoona anthu olowa ndi otuluka m'dziko, yemwe zenera lake linayang'anizana ndi la Uchizi pachipata cha malire ku Chitipa.

"Bwera udzaone. Koma uyambe wapukuta mafuta a tchipisiwo m'manja."

M'kabokosimo munali katcheni kasiliva, ndipo pakatchenipo panalendewera kamwala kofanana kukula ndi njere ya khobwe. Kanali kofiira kwambiri, ngati khofi wakupsa wa ku Misuku, ndipo ukakatembenuzira ku dzuwa kankaoneka ngati muli kamoto m'kati. Mwaiwathu, mwana wa ku Zomba, anakanyamula mosamala n'kukayang'anitsitsa.

"Ganeti ameneyo," anatero Uchizi, akudzimva. "Mwezi uliwonse uli ndi mwala wake, ndiye uwu ndi wa anthu obadwa mu Januwale. Ndagulira amama, pa Tsiku la Anakubala mkujamu."

Sikuti Uchizi ankangokonda kupereka mphatso ayi. Panali nkhani. Mayi ake, a Eleanor, omwe anthu onse a ku Wenya ankawadziwa kuti aNyamtambo, anali atamukwiyira, ndipo kunena zoona anali ndi chifukwa. Chiyambireni ntchito, Uchizi ankawayendera mayi ake pa foni basi. Chaka chatha pa Khirisimasi anawatumizira belo yathunthu ya shuga, osadziwa kuti mayiwo anali atatha zaka ziwiri akumwa tiyi wopanda shuga molamulidwa ndi adokotala. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, ngakhale ana opita kuchigayo, kupatula mwana wawo wamkazi yekhayo. Shugayo mayiwo anagawira anansi, ndipo pa foni anangonena mawu ochepa.

"Iwe sundidziwa, mwana wane. Ukudziwa nambala yanga ya foni."

Tsopano ukwati wa Uchizi ndi Oliver, mlangizi wa zankhalango wa ku Mughese, unali utakonzedwa kuti uchitike mu Disembala. Zachikhalidwe zonse amalume anali atayendetsa bwino. Koma aNyamtambo akafunsidwa ngati adzabwere, ankangoti, "Tiona." Uchizi ankamudziwa "tiona" wa mayi ake, ameneyo yekha ndiye ankamudziwa bwino. Ankaopa kuti adzalowa m'tchalitchi atavala velo, mpando wa mayi uli mbee. Choncho kamwalako kanali ndi ntchito imodzi, yokawauza kuti mwana wanu amakudziwani, mpaka mwezi umene munabadwa.

"N'kokongola, sindinama," anatero Mwaiwathu. "Ndiye mayi anabadwa pa chiyani mu Januwalemo?"

Uchizi anatsegula foni n'kumuonetsa chithunzi cha chiphaso chaunzika cha mayi ake. Mwaiwathu anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaphulika ndi phwete la chiseko mpaka kugwira tebulo.

"Pa 1 Januwale! Achemwali, ine ziphaso zimenezi ndimazigwira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Achikulire theka a boma lino anabadwa pa 1 Januwale. Lero lokha ndaona anayi. Ukuganiza kuti azamba a kuno ankagwira ntchito tsiku limodzi pachaka? Munthu akati sindikudziwa tsiku langa, mlembi ankangolemba limenelo kuti mzere uyende."

Uchizi anabweza foni m'thumba. Anatseka kabokosi kaja pang'onopang'ono. Mwaiwathu ataona nkhope ya mnzakeyo, chiseko chinamuthera pakamwa, n'kuyamba kupepesa, koma mawu anali atatuluka kale. Shuga wachiwiri ameneyu, anaganiza choncho Uchizi, shuga wachiwiri wokutidwa ndi siliva.

Ataweruka sanapite kunyumba. Analunjika kuseri kwa msika, kukakhonde ka a Timothy Sichali, amene anamugulitsa mwalawo. A Sichali anathera unyamata wawo m'migodi ya miyala ku Mzimba, kenako anaphunzira kudula ndi kusalalitsa miyalayo, ndipo atatopa anabwerera kwawo ndi kamakina kawo kopera. Anali munthu wosafulumira. Ngakhale nyumba itayaka, akanayamba apinda kansalu kawo kopukutira miyala asanathawe.

"Mwaghona, adada," anapereka moni Uchizi, mpweya uli m'mwamba.

"Ena, mwaghona. Karibu, mama. Katcheni kaduka?"

"Mwezi ndi umene waduka."

Anawafotokozera zonse. A Sichali anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatembenukira kukhoma kumene anamata pepala lofumbutuka la miyezi khumi ndi iwiri, mwezi uliwonse ndi chithunzi cha mwala wake.

"Pole sana, pepani kwambiri. Siinu oyamba. Sabata ino yokha abwera awiri kufuna opalo, akuti poti Tsiku la Anakubala lili mu Okutobala, mwala wake ukhale wa Okutobala. Ndawauza kuti sizitero. Timatsata mwezi umene anabadwa wolandira mphatsoyo, osati mwezi wopereka. Tsono inu mukafufuze mwezi weniweni, zinazo tidzaona."

"Nanga ukapezeka kuti ndi wina?"

"Zitengera ndi uti. Akakhala a Febuluwale, mwayi wanu, ametusito ndili naye pompano." Anatsegula kachitini ka fodya n'kutulutsa kamwala kapepo. "Kungoti ameneyu sakonda dzuwa, akamakhala padzuwa tsiku ndi tsiku amatuwa, ndipo mayi anu ndi munthu wa kumunda. Akakhala a Malichi, akwamarini, wobiriwira ngati madzi oyera, wa ku Mzimba konkuno, ndinamukumba ndi manja angawa. Wolimba bwino. Epulo ndiye musandifunse, ndi dayamondi, ine ndinangomuona pachala cha bwana wina. Meyi ndi emarodi, wobiriwira ngati msipu, wokongola koma ali ndi timing'alu m'kati, ukamugunditsa amasweka."

Uchizi ankafuna yankho lachidule, koma a Sichali akayamba ulendo wa pakhomapo sankatsikira panjira. Anati wa Juni ndi ngale, imene si mwala wokumba n'komwe, imamera m'chigoba cha nkhono za m'madzi, ndipo ndi yofewa moti thukuta ndi sopo zimaichotsa kuwala. Wa Julayi ndi rube, wa Sepitembala ndi safiro, ndipo awiriwa ndi pachibale, mwala umodzi womwewo wosiyana mtundu, wofiira ndi wabuluu, wolimba kuposa yonse kupatula dayamondi. Pakati pawo pali Ogasiti ndi peridoti wake wooneka ngati tsamba lanthete. Opalo wa Okutobala anati sangamupatse mlimi, amang'aluka msanga, bola tumalini amene amalowa m'malo mwake mwezi womwewo. Novembala ali ndi topazi kapena sitirini, onse achikasu, ndipo Disembala ali ndi ingapo, kuphatikizapo tanzanaiti wa kwa anansi athu kuseri kwa malireku, amene anangowonjezeredwa posachedwapa.

"Kuwonjezeredwa ndi ndani?" anafunsa Uchizi.

"Ndi amalonda a miyala, mama. Mndandandawu sunagwe kumwamba. Anthu ankavala miyala ya miyezi kuyambira kalekale, dziko lililonse mwa njira yake, ndiye amalonda a ku Amereka anakhala pansi zaka zoposa zana zapitazo n'kugwirizana umodzi. Kuchokera apo amawonjezera mwa apo ndi apo. Mwala sumuchiza munthu, sumupatsa mwayi. Ntchito yake ndi kungonena kuti ndinakuganizirani inuyo, osati wina."

Mawu amenewo ndi amene anamubaya Uchizi, chifukwa ndi zomwezo zimene kamwala kake kanali pafupi kulephera kunena. Anafunsa ngati angasinthe mwala pofika Lamulungu. A Sichali anapukusa mutu. Iwo ankangodula mwala, koma woukuta ndi siliva anali ku Mzuzu, ndipo ganetiyu anatenga milungu iwiri kupita ndi kubwera. Anamukumbutsanso chimene anasankhira katcheni osati mphete, kuti dzanja logwira khasu ndi kukonola chimanga silisunga mwala, komanso chimene anaukutira mozungulira ndi siliva m'malo mougwiritsa ndi tizikhadabo tokola m'nsalu. Zonsezo zinali zoganiziridwa bwino. Cholakwika chinali chimodzi chokha, ndipo chinali chachikulu.

"Ali ndi mkulu wawo wamoyo?" anafunsa a Sichali.

"Asibweni a Petros, amalume anga."

"Yambirani kumeneko."

Loweruka m'mamawa Uchizi anakwera lole yopita ku Nthalire, atakhala pa thumba la feteleza, kachikwama atakakumbatira pamtima. Dzuwa la Okutobala silinachedwe kuyamba ntchito yake. Podutsa m'munsi mwa mapiri a Mafinga, fumbi linali litamudzola kale nkhope yonse, moti mzimayi amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati akupita kumaliro, poona mmene analili ndwii. Atatsika pa Wenya sanatenge njira ya kwawo. Anakhotera kumanzere, n'kuyenda wapansi ola lathunthu kukwera mtunda wopita kwa amalume ake, nsapato za muofesi zikumuluma zidendene.

A Petros anawapeza pansi pa mtengo wa mango, akusoka thumba. Anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri, kukumbukira zakale ndi kusavomera kuti angaiwale.

"Muphwa wane, mwana wa mlongo wanga! Wasochera, kapena foni yafa?"

Uchizi anameza chipongwecho, anagwada, napereka moni. Atamwa madzi anafunsa funso lake. A Petros anaika singano pansi, nkhope ikuwala, pakuti panalibe chimene ankakonda kuposa kufunsidwa.

"Januwale? Yayi, yayi, bodza limenelo. Amama ako anabadwa kukuzizira, titakolola lipoko, mawere aja, ife ana tikuwotha moto m'mawa. Ndikukumbuka ngati dzulo. Inali sabata imene dziko linalandira ufulu. Aphunzitsi anatipatsa timbendera tamapepala kuti tikaimbe kubwalo, ine pobwera kunyumba ndikukupiza kambendera kanga, anandithamangitsa pakhomo, akuti anyamata asayandikire, m'nyumba muli mwana. Julayi, 1964. Lemba."

"Koma chiphaso chikuti 1962."

"Chiphaso chinalipo? Ine ndinalipo."

Uchizi anathokoza, anakana chakudya mwaulemu, n'kuyamba kutsika. Pamwamba pa chulu china pamene netiweki imagwira, anaima n'kuimbira a Sichali.

"Akuti Julayi."

"Rube," anatero a Sichali, ndipo anapumira m'mwamba. "Ameneyo ndilibe, ndipo wabwino sapezeka wamba. Amachokera ku Ntcheu, tingadikire miyezi. Wina akakuonetsani rube wamkulu, woyera mbee m'kati, wotchipa, thawani, ndi galasi kapena wopanga m'fakitale."

Kenako Uchizi anafunsa funso limene linkamuzungulira m'mutu chichokereni pansi pa mango paja.

"Adada, rube ndi wofiira. Ganeti ndi wofiira. Munthu angasiyanitse?"

"Ine ndingasiyanitse. Rube amafiira mowala, ganeti wanuyo amafiira modera, ngati muli mdima pang'ono. Rube angakande ganeti, ganeti sangakande rube. Koma mayi a ku Wenya, opanda kagalasi kokulitsira, sangadziwe mpaka kalekale." Anakhosomola. "Inu ndi amene muzidziwa. Nthawi iliyonse akavala."

Tisamunamizire Uchizi kuti anali mngelo. Njira yonse yotsika, ndi yokwera yopita kwawo, ankayeserera mawu ake. Amama, uyu ndi rube, mwala wa Julayi, mwezi umene munabadwa, chiphaso chinalakwitsa koma ine ndikudziwa. Mawuwo ankamveka bwino zedi, moti akanamupezera ulemu woposa umene ankaufuna poyamba. Anawabwereza kasanu, ndipo ulendo uliwonse ankamulemera kuposa woyamba. Pofika pa mtsinje wouma wa kumunsi kwa mudzi wawo anali asanagamule chochita, ndipo chithuza cha kuchidendene chinali chitaphulika.

ANyamtambo anali pakhonde, akusankha mbewu ya nyemba m'lichero. Anali atachepa thupi kusiyana ndi mmene Uchizi anawasiyira, koma maso anali omwe aja, oona mpaka m'thumba.

"Odi, amama."

"Odini." Anamuyang'ana kuyambira kumutu kofumbira mpaka kunsapato. "Lole ya ku boma inadutsa dzuwa lisanafike pamutu. Iwe wafika pano likupendeka. Unali kuti?"

Ndi mmene mudzi ulili, lole isanazime injini, nkhani yafika kale. Uchizi anagwada, anapereka moni monga mwa mwambo, anafunsa za m'thupi, ndipo mayiwo anayankha mwachidule, manja osaleka kusankha nyemba. Sanamuthamangitse, komanso sanasunthe kuti amupatse malo pamphasa. Uchizi anakhala pansi pa dothi lozira, anatulutsa kabokosi kaja n'kukapereka ndi manja awiri.

"Ndinati ndikupatseni mawa, koma sindingagone nako."

ANyamtambo anapukuta manja pachitenje, n'kutsegula kabokosiko. Anakweza katcheniko m'mwamba, kamwalako n'kumazungulira pakuwala kwa dzuwa.

"Si chithumwa ichi? Ine wa Umanyano wa amayi a mpingo, usandibweretsere za asing'anga pakhomo pano."

"Yayi, amama. Mulibe mankhwala. Ndi mwala chabe wokumba pansi. Anthu anagwirizana kuti mwezi uliwonse ukhale ndi mwala wake, ndiye munthu umam'patsa wa mwezi umene anabadwa."

"Ndiye uwu ndi wa mwezi uti?"

Apa ndiye panali pamphambano. Mawu oyeserera aja anali pa nsonga ya lilime, okonzeka. Uchizi anayang'ana manja a mayi ake, ming'alu ya m'zala, chikhadabo chakuda chimene chinaphwanyidwa ndi mpini iye ali mwana, ndipo anaona kuti sangathe.

"Ndi wa Januwale, amama. Dzina lake ganeti. Ndi wolakwika. Ndinatengera pachiphaso chanu. Dzulo mnzanga wandiuza kuti tsiku limenelo alembi ankangolemba. Ndiye ndinadzera kwa asibweni kukafunsa, andiuza kuti munabadwa mu Julayi, sabata ya ufulu. Mwala wa Julayi ndi wina, rube, wofiiranso. Ndinafuna ndikunamizeni kuti ndi womwewu, simukanadziwa. Koma munanena zoona, amama. Sindikudziwani. Ngakhale mwezi wanu sindiudziwa."

Misozi inapanga tinjira pafumbi la kumaso kwake. Anaweramitsa mutu, kudikira chimene chinkabwera. Chimene chinabwera ndi phokoso limene sanaliyembekeze. Mayi ake ankaseka, chiseko chenicheni chochokera m'mimba, mpaka lichero linapendekeka nyemba n'kumwazika pakhonde.

"Petros! Chiuta wane, Petros! Wakwera phiri lonse lija ndi tinsapato timeneti kukafunsa Petros? Munthu amene chaka chatha anakalipira ng'ombe ya eni ake tsiku lonse akuyesa yake?" Anapukuta maso ndi nsonga ya duku. "Wa timbendera uja ndi Tionenji, mng'ono wanga. Ine tsiku limenelo ndinali ndikuyenda kale, ndipo kambendera kakeko ndinamulanda ndine n'kukang'amba. Analira ngati mbuzi. Chimenecho ndiye sanakuuze."

Uchizi anadzutsa mutu, osamvetsa.

"Zakuno, bwera," anatero mayiwo, akudzuka movutikira.

Analowa kuchipinda. Pakona panali sutikesi yachitsulo, yobiriwira, yadzimbiri m'makona, imene agogo ake a Uchizi anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Uchizi anakulira pa sutikesi imeneyo. Ankakhalapo pomangidwa tsitsi, ankaimapo pofuna kusuzumira pazenera, koma sanaganizepo zofunsa kuti muli chiyani. ANyamtambo anachotsa mabulangete pamwamba pake n'kutsegula. Kuseri kwa chivindikiro kunali mizere yolembedwa ndi penti yoyera, zilembo zake zopendekeka koma zowerengeka bwino.

"Adada anga sanapite patali ndi sukulu, koma ana awo ankalemba. Werenga."

Uchizi anagwada n'kuwerenga ndi chala. Petros anali pamwamba. Panali mayina awiri a ana amene iye sanawamvepo, aliyense ali ndi kamtanda pambali. Kenako panali Eleanor, 19 Januwale 1962. Pansi pake, Tionenji, 4 Julayi 1964.

Anawerenga kachiwiri. Anangokhala pansi n'kutsamira bedi, ndipo anapuma mpweya umene ankaoneka kuti anaugwira kuyambira dzulo masana. Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ali chuchuchu, ulemu wonse wa pachipata cha malire utathera pomwepo.

"Ndiye Januwale ndi woona?"

"Nadi, ndi woona. Amama ankanena kuti mvula inagwa masiku anayi osakata, mtsinje unadzaza, azamba anakanika kuwoloka, anandilandira ndi ankhazi awo, azakhali a amamawo. Chimanga chinali chofika m'mawondo. Tsiku lolembetsa ziphaso lija mzere unali wautali, dzuwa lili phwee, mnyamata wolembayo anandifunsa mwezi, ndinamuuza, chaka, ndinamuuza. Atafunsa tsiku, mutu unaima. Iye n'kulemba 1. Ndikanabwerera kunyumba kudzatsegula sutikesi chifukwa cha nambala imodzi?"

Anabwerera pakhonde. Ulendo uno aNyamtambo anasuntha n'kugunda pamphasa ndi dzanja, ndipo Uchizi anakhala pambali pawo. Anatola limodzi nyemba zomwazika zija. Mayiwo anatenganso kamwala kaja n'kukagunditsa patsaya.

"Kozizira."

"Ndi mmene mumadziwira kuti si galasi. Galasi silichedwa kufunda, ndipo ukaliyang'ana ndi kagalasi kokulitsira mumaoneka timathovu ta mpweya. Anandionetsa amene anaudula. Akuti mukhoza kulima nako, kungoti muzikalowetsa m'kati mwa bulauzi, ndipo kakada muzitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono."

"Ndipo kamatanthauza chiyani? Paja zinthu za m'tauni sizikhala zopanda tanthauzo."

"Akuti kukhulupirika. Kale ankapatsa munthu wa paulendo, kuti akabwereko bwino."

"Ndiye bwenzi utavala ndiwe," anatero mayiwo, koma mopanda ukali.

Mayiwo anayang'ana nkhuku zikulimbirana nyemba imene inagubuduzikira pabwalo. Atayambanso kuyankhula, mawu awo anali otsika.

"Mwala walondola, mwana wane. Ngakhale ukanalakwika, ndikanavala, chifukwa sunandinamize, ndipo ndakuona mmene bodzalo linakulemerera. Koma tamvera. Wafunsa chiphaso. Wafunsa mnzako wa ku Zomba. Wafunsa wa miyala. Wakwera phiri kukafunsa Petros, mpaka chidendene chatuluka magazi. Ine ndili pompano, pakamwa ndili napo. Za shuga zija sindinakwiye chifukwa cha shuga. Ndinakwiya chifukwa zaka zonsezi umandiimbira n'kunena kuti mwadya, ndatumiza, mwalandira, basi foni thi. Sunayambe wandifunsa kanthu koti ndikuyankhe nditakhala pansi."

Uchizi anadabwa kuona kuti kudzudzulidwa kumeneku sikunkamupweteka ngati mmene ankaopera. Kunkamupepuza.

"Pepani, amama."

"Pepani ndamva. Tsono ndimange, zala zangazi sizingathe kakoloweko aka."

Anatembenuka n'kukweza duku kumbuyo. Uchizi anadutsitsa katcheniko m'khosi mwawo, ndipo kakoloweko kanamuvuta kawiri kasanagwire. Kamwalako kanakhala bwinobwino pamwamba pa bulauzi yotuwa ya kumunda. ANyamtambo anakagwira ndi zala ziwiri, anaweramitsa chibwano kuti akaone, kenako anayang'ana kumsewu ngati akufuna wina adutse.

Panatsala funso limodzi, lija anabwerera. Uchizi anali atalitumiza kudzera kwa amalume, kudzera kwa abusa, kudzera kwa mlamu wake, ndipo konseko linabwerera ndi "tiona". Anazindikira tsopano, manyazi akumugwira, kuti iye mwini anali asanalifunsepo. Anatsika pamphasa, anagwada moyang'anizana nawo, n'kuika manja pamaondo awo.

"Amama, ndikukwatiwa pa 16 Disembala. Ndikukupemphani mudzabwere. Ndikufuna mudzakhale kutsogolo, pamene ndizikuonani."

ANyamtambo anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo maso akuthwa aja ananyowa.

"Nsalu ndinagula kale mu Ogasiti," anatero. "Ili m'sutikesi momwemo, pansi penipeni. Ndimadikira kuti undifunse ndisanapite nayo kwa telala."